Kuwerenga nthiti ndi chala: mmene timaphunzirira chifuwa mitembo ikachepa

Ikani chala m'kadzenje kamene kali m'munsi mwa khosi lanu, pamene mafupa awiri opingasa ochokera m'mapewa amakumana ndi fupa la pakati pa chifuwa. Tsitsani chalacho pang'onopang'ono motsata fupalo. Mukayenda masentimita pafupifupi 5 mumva kamzere kotukuka kopingasa. Mwa munthu wowonda kamaoneka ndi maso, mwa wonenepa muyenera kukanikiza pang'ono. M'mabuku amakatcha ngodya ya Louis. Mukasuntha chala kuchoka pamenepo kupita kumanja kapena kumanzere, chimagwera pa nthiti yachiwiri, ndipo kampata kofewa kamene kali m'munsi mwake ndi mpata wachiwiri. Wophunzira amene angathe kupeza malo amenewa mwa munthu aliyense, wamkulu kapena mwana, magetsi alipo kapena azima, wayamba kuidziwa anatomi ya chifuwa, ngakhale mtembo wophunzirira anangouonera pamapewa a anzake.

Ndine kiliniko ofisa kuno ku Mulanje, ndipo chaka ndi chaka m'mawodi mwathu mumabwera ophunzira odzazolowera ntchito. Dandaulo lawo silisintha: anatomi anaiphunzira pa bolodi ndi m'buku, nthawi yotumbula mtembo inali yochepa kwambiri, kapena kunalibiretu. Dandauloli ndimalimva, chifukwa nanenso ndinaphunzira chimodzimodzi. Mitembo yophunzirira ndi yosowa m'dziko muno, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa: m'bale wathu akatisiya timafuna akagone kumudzi, pafupi ndi makolo ake. Kusunga mtembo m'mankhwala kumafunanso chipinda chake, fomalini, mpweya woyenda bwino ndi anthu odziwa ntchitoyo. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili mbali ya yunivesite ya KUHeS, ili ndi chipinda choterocho. Koma anthu ambiri amene amagwira odwala m'zipatala za m'maboma ndi za kumidzi, makiliniko ofisa, mamedikolo asisitanti ndi anamwino, salowamo kawirikawiri.

Chimene ndimawauza ophunzirawa n'chakuti tisankhe chigawo chimodzi cha thupi, tichilowere kudzera m'njira zonse zimene tili nazo, koma nthawi iliyonse tizibwerera pa chala. Chimene waona pa chidole cha pulasitiki, kachipeze pa mnzako. Chimene wachipeza pa mnzako, kachiloze pa ekisireyi. Chimene waloza pa ekisireyi, bwereranso ukachiloze pakhungu la wodwala. Ine ndimayambira pa chifuwa, chifukwa kwathu kuno chifuwa cha TB, chibayo ndi ngozi za njinga zamoto zimatikakamiza kuchidziwa bwino, ndiponso chifukwa m'chifuwa ndi mmene singano yolowa molakwika imapweteka munthu msanga.

Tibwerere pa ngodya ija. Chifukwa chimene timayambira kuwerenga pa nthiti yachiwiri n'chakuti yoyamba yabisala pansi pa fupa lopingasa lija, limene m'kalasi timalitcha kilaviko, ndipo chala sichiifika bwino. Amene amayambira kuwerenga pansi penipeni pa kilaviko nthawi zambiri amatenga nthiti yachiwiri n'kuitcha yoyamba, ndiye mawerengedwe ake onse amatsika ndi nthiti imodzi. Nthiti imodzi ikuoneka ngati yochepa, koma kumanja kusiyana kwa mpata umodzi kukhoza kukhala kusiyana kwa phapo ndi chiwindi. Powerenga musatsate m'mphepete mwenimweni mwa fupa la pakati, chifukwa kuyambira nthiti yachisanu kumka pansi zichereche zimayandikana ndipo mipata imatsekeka. Tsikani mopendekera kunja, chala chimodzi chili mumpata, china chikufunafuna mpata wotsatira, ndipo musachotse choyambacho chachiwiri chisanakhazikike.

Ngodya imeneyi ndi yamtengo wapatali chifukwa imakuuzaninso za zinthu zimene simungazikhudze. Mutati mudutsitse mzere woongoka kuchokera pamenepo mpaka kumsana, ukatulukira pakati pa mafupa a msana a T4 ndi T5. Pa mulingo umenewo njira ya mpweya imagawikana pawiri kupita ku mapapo, ndipo mtsempha waukulu wa magazi wotuluka mumtima umayamba ndi kumaliza kupindika kwake. Wophunzira akagwira kamzere kamodzi aka amakhala wagwira zinthu zinayi nthawi imodzi. Akatsika mpaka mpata wachisanu kumanzere, pa mzere wotsika kuchokera pakati pa kilaviko, amamva nsonga ya mtima ikugunda pachala. Ikapezeka kunja kwa mzerewo kapena m'munsi mwake, ndiye kuti mtima wakula kapena china chake chaukankha.

Timatenga cholembera chofufutika ndi madzi n'kujambula pa thupi la mnzathu amene wavomera. Kuvomera kumeneku ndimakutenga mwamphamvu. Palibe wophunzira amene ayenera kuvula malaya chifukwa choopa aphunzitsi, ndipo atsikana amayeserera okhaokha kuseri kwa katani ngati afuna kutero. Ulemu umene amauphunzira pa mnzawo ndi umene adzaupereke kwa mayi wodwala wa msinkhu wa amayi awo.

Chojambula choyamba ndi malire a pansi a phapo. Munthu akamapuma mwakachetechete, phapo limathera pa nthiti ya 6 kutsogolo pa mzere wa pakati pa kilaviko, pa nthiti ya 8 pa mzere wa pakati pa nkhwapa, ndi pa nthiti ya 10 kumsana pafupi ndi fupa la msana. Kenako timajambula malire a nembanemba yokuta mapapo, imene timaitcha pulura. Iyo imatsika nthiti ziwiri kupitirira phapo: 8, 10 ndi 12. Pakati pa mizere iwiriyi pali kathumba kopapatiza kamene phapo limalowamo munthu akakoka mpweya wambiri, ndipo madzi akayamba kusonkhana m'chifuwa amayambira mmenemo. Manambalawa ophunzira amawaloweza tsiku limodzi. Chimene chimawadabwitsa ndi kuona pa thupi la mnzawo kuti mizereyo ili m'mwamba kuposa mmene amaganizira, ndi kuti kunsi kwa mzere woyambawo, kuseri kwa nthiti zomwezo, kuli kale za m'mimba: chiwindi kumanja, ndipo kumanzere kapamba, uja amatupa ndi malungo, wagona pansi pa nthiti ya 9, ya 10 ndi ya 11.

Apa ndi pamene munthu wamoyo amaphunzitsa zimene mtembo sungathe. Mnofu waukulu wopumira umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, dayafulamu, sukhala malo amodzi. Munthu akatulutsa mpweya wonse, dayafulamu ya kumanja ikhoza kukwera mpaka cha pa mpata wachinayi kapena wachisanu kutsogolo. Mwa mayi woyembekezera, kapena mwa wodwala amene m'mimba mwadzaza madzi, imakwera kuposa pamenepo. Wophunzira amadzionera yekha zimenezi pogogoda. Amaika chala chapakati cha dzanja lamanzere mumpata wa nthiti, n'kuchigogoda ndi nsonga ya chala chapakati cha dzanja lamanja, akutsika mpata ndi mpata. Zili ngati mmene timagogodera chigubu kuti tidziwe pamene madzi alekezera: pamene pali mpweya pamalira, pamene pali madzi kapena mnofu pamangoti phi. Kumanja kutsogolo kulira kumayamba kuzilala cha pa mpata wachisanu, pamene payambira chiwindi. Auzeni anzanuwo akoke mpweya wambiri n'kuugwira, gogodaninso, mupeza malirewo atsika. Mtembo wa m'fomalini ndi wouma, mapapo ake ndi ofota, ndipo dayafulamu yake inaima pamene inaimira tsiku lomaliza.

Kumsana kuli zizindikiro ziwiri zokha zimene ndimafuna aliyense azidziwe. Munthu akaweramitsa mutu, fupa lotukuka kwambiri m'munsi mwa khosi kawirikawiri ndi C7, ndipo kuyambira pamenepo mukhoza kuwerenga mafupa a msana kumka pansi. Chachiwiri ndi nsonga ya pansi ya fupa la phewa, imene imakhala cha pa nthiti ya 7 manja akakhala pansi. Manja akakwera nsongayo imasuntha, ndiye muziwerenga wodwala asanakweze manja. Koma kukweza dzanja kulinso ndi ntchito yake. Munthu akaika dzanja pamutu, m'mphepete mwa fupa la phewa moyang'ana ku msana mumatsata pafupifupi mng'alu umene umalekanitsa chigawo chapamwamba cha phapo ndi chapansi. Mukaujambula mzerewo mumaona kuti pafupifupi msana wonse ndi chigawo chapansi. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndipo chigawo chapakati cha kumanja chili kutsogolo, kuyambira cha pa nthiti yachinayi kumka pansi. Wophunzira amene amamvetsera kumsana kokha, poopa kupempha mayi kuti amasule nsalu pang'ono, chibayo cha m'chigawo chimenechi sadzachimva.

Za chidole cha pulasitiki ndinena mwachidule. Ntchito yake yeniyeni ndi kuonetsa chimene chili kutsogolo ndi chimene chili kumbuyo: kuti njira ya chakudya imadutsa kuseri kwa njira ya mpweya, kuti mbali ya mtima yoyang'ana kutsogolo kwenikweni ndi chipinda chapansi cha kumanja, kuti nthambi ya mpweya yopita ku phapo la kumanja ndi yaifupi, yotakata ndi yoongoka kuposa inzake, n'chifukwa chake mtedza umene mwana watsamwa nawo umakonda kulowera kumanja. Ndimawauza ophunzira achiphwasule, achibwezeretse atatsinzina, kenako aloze chiwalo chilichonse pa chifuwa cha mnzawo. Kupitirira pamenepo chidole chimanama. Mitsempha yake ndi yofiira ndi yabuluu, yotalikirana bwino, yopanda mafuta oikuta, ndipo chidolecho sichipuma.

Chimene chimandithandiza kuposa chidole ndi chifuwa cha mbuzi. Tikagula nthiti pamsika wa Chitakale, timapempha wogulitsa nyama kuti asaziduledule, atipatse mbali yathunthu, ndipo ngati n'kotheka mapapo ndi kholingo lake zili pamodzi. Mukatembenuza nthitizo n'kuyang'ana mkati, mumaona kanembanemba konyezimira kokuta zonse: imeneyo ndiye pulura, ndipo wophunzira akhoza kuitsina ndi kuona kupyapyala kwake. Kuseri kwake, m'mphepete mwa nthiti iliyonse, mumaoneka kamtsempha ka magazi kakutsata fupa. Mwa mbuzi kamatsata mphepete yoyang'ana kumchira, imene mwa munthu woimirira ndi mphepete ya pansi. Mwa munthu, m'kangalande ka pansi pa nthiti iliyonse mumadutsa zinthu zitatu motsatana kuchokera pamwamba: mtsempha wobweza magazi, mtsempha wopereka magazi, ndi mtsempha womvera ululu. Lamulo lakuti singano izilowa pamwamba penipeni pa nthiti ya m'munsi limachokera pamenepa, ndipo amene waona kamtsempha kameneka ndi maso ake saliiwala. Timalowetsanso singano pakati pa nthiti za mbuziyo kuti dzanja lizolowere kusiyana kwa kugunda fupa, kudutsa mnofu ndi kuboola pulura. Mapapo timawapopa ndi chipangizo chothandizira kupuma, osati ndi pakamwa, ndipo timavala magolovesi. Koma mbuzi ndi mbuzi. Ili ndi nthiti 13 mbali iliyonse pamene munthu ali ndi 12, chifuwa chake n'chopapatiza m'mbali, ndipo zigawo za mapapo ake n'zosiyana ndi zathu. Pa mbuzi timaphunzira mmene minofu yasanjikirana ndi mmene imamvekera m'dzanja. Manambala a nthiti timawaphunzira pa munthu.

Tikafika pa ekisireyi, ophunzira amathamangira kufunafuna matenda. Ine ndimawabweza kuti ayambe awerenga nthiti. Pa chithunzi nthiti iliyonse imaoneka pawiri: mbali ya kumsana, imene ndi yowala bwino ndipo imayenda mopingasa, ndi mbali ya kutsogolo, imene imatsika mopendekera kulowera pakati n'kuzimiririka isanafike pa fupa la pakati, chifukwa chichereche sichioneka pa ekisireyi. Munthu akakoka mpweya mokwanira, dayafulamu imadutsana ndi nthiti ya kutsogolo ya 6 kapena pafupi napo, ndipo za kumsana zimawerengeka 9 kapena 10. Zikachepa, ndiye kuti wodwala sanakoke mpweya, ndipo mtima umaoneka waukulu, pansi pa mapapo pamaoneka poyera ngati pali chibayo pomwe palibe. Onaninso ngati palembedwa PA, kutanthauza kuti kuwala kwa ekisireyi kunalowera kumsana, kapena AP, kunalowera kutsogolo. Lamulo lakuti mtima usapitirire theka la kutakata kwa chifuwa limagwira pa chithunzi cha PA chokha. Cha AP, chojambulidwa wodwala atagona kapena atakhala pabedi, chimaukulitsa mtima. Nsonga za mkati za makilaviko awiri zikhale pa mtunda wofanana kuchokera pa mzere wa msana, apo ayi wodwala anapotoka ndipo njira ya mpweya ioneka ngati yasuntha.

Akamaliza zimenezi ndimawafunsa kuti aloze pa chithunzi pamene njira ya mpweya yagawikana, kenako aloze malo omwewo pa chifuwa chawo. Chala chimabwerera pa ngodya ya Louis. Ngodya zakuthwa za m'mbali, pamene dayafulamu imakumana ndi nthiti, ndi kathumba kaja tinakajambula pakati pa mizere iwiri. Pa chithunzi cha kutsogolo ngodyayi imayamba kubuntha madzi akafika pafupifupi mamililita 200, choncho ngodya yakuthwa sikutanthauza kuti madzi mulibiretu. Ndipo m'mphepete mwa mtima kumanja mukazimiririka, vuto lili m'chigawo chapakati chija, chifukwa ndicho chimagundana ndi mtima mbali imeneyo.

Zonsezi zimakumana pa bedi la wodwala. Bambo wina wothyola tiyi, wa zaka za m'ma 40, anabwera ndi akazi awo atatsokomola kwa milungu ingapo, akutuluka thukuta usiku, ataonda, ndipo phuma likuwavuta akakwera kamtunda kakang'ono. Ankagonera mbali ya kumanja, akuti akagonera kumanzere mpweya umawathera. Wophunzira amene ndinali naye tsiku limenelo, mtsikana wa chaka chomaliza, anawapempha kuti: "Bambo, pepani, tikupempha muvule malaya kuti tikupimeni bwino. Mayi akhala pompano." Ataima kumapazi kwa bedi anaona kuti mbali ya kumanja sikukwera mofanana ndi inzake. Anaika chala m'kadzenje ka pakhosi n'kupeza kuti njira ya mpweya yapendekera kumanzere. Nsonga ya mtima anaipeza kunja kwa mzere wa pakati pa kilaviko. Pogogoda kumsana, kumanja kunali phi kuyambira pansi mpaka pakati pa fupa la phewa, pamwamba pa nsonga ija ya nthiti ya 7, ndipo mpweya sunkamveka konse m'dera limenelo.

Anati, "Aphunzitsi, ndi madzi." Ndinamufunsa chimene chamutsimikizira, poti phapo lofota chifukwa chotsekeka njira nalonso limamveka phi, mpweya osamveka, ndipo pa ekisireyi limayera chimodzimodzi. Anayankha kuti phapo lofota limakokera njira ya mpweya ndi mtima kumbali yake, pamene madzi ambiri amazikankhira kutali, ndipo mwa bambowa zonse zathawira kumanzere. Yankho limeneli ndi anatomi yeniyeni, ndipo analipeza ndi chala chimodzi pakhosi. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa singano yolowa m'phapo lofota siitulutsa kanthu koma imatha kuboola phapolo. Ekisireyi inagwirizana naye: mbali ya kumanja inali yoyera kuyambira pansi mpaka kupitirira theka, malire ake a pamwamba atapindikira m'mwamba chakunja monga amachitira madzi, dayafulamu ya kumanja yosaoneka.

Dayafulamu yosaonekayo ndiyo inali funso lotsala. Chithunzi chimakuuzani pamene madzi alekezera pamwamba, koma sichikuuzani pamene chiwindi chayambira pansi, chifukwa madzi ndi chiwindi zonse zimayera mofanana. Apa ndi pamene makina a sikani, omwewa timaonera mwana m'mimba, asintha kaphunzitsidwe kathu. Tinawakhazika bambowo tsonga, dzanja lamanja lili pamutu. Wophunzirayo anaika mutu wa sikani pa mzere wa pakati pa nkhwapa, chapansi, moimirira. Ndimalimbikira kuti ayambe apeza chiwindi, chimene chimaoneka chotuwa mosalala, kenako akwere mpaka aone mzere wowala wopindika umene ukuyenda ndi kupuma. Imeneyo ndiye dayafulamu. Pamwamba pake panali pakuda bii, ndipo mkati mwa mdimawo kansonga ka phapo lopanikizika kankagwedezeka. Nthiti iliyonse inkaoneka ngati kanthu kowala kokhala ndi mthunzi wakuda kunsi kwake, ndipo anatha kuyeza pa makinawo kuti kuchokera pakhungu kufika pa pulura panali masentimita pafupifupi 2 okha, poti bambowo anali owonda.

Malo olowetsera singano tinawasankha m'dera limene mabuku amalitcha losaopsa, la ngodya zitatu, m'munsi mwa nkhwapa. Malire ake akutsogolo ndi mphepete ya mnofu waukulu wa pachifuwa, akumbuyo ndi mphepete ya mnofu waukulu wa kumsana, ndipo apansi ndi mpata wachisanu. Minofu iwiriyi mumaigwira ndi dzanja ngati mapindo awiri a nkhwapa, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Ena amaphunzitsa kuti malire apansi ndi mulingo wa nsonga ya bere. Mwa mwamuna wowonda zimayandikira, poti nsongayo imakhala cha pa mpata wachinayi, koma mwa mayi amene wayamwitsa ana, kapena mwa munthu wonenepa, chizindikiro chimenechi chikhoza kukutsitsani mpaka pa chiwindi. Wophunzirayo anayambira pa ngodya ya Louis, anawerenga mpaka mpata wachisanu, n'kuutsata ndi chala mozungulira mpaka m'nkhwapa, pokumbukira kuti nthiti zimakwera zikamapita kumbuyo. Anaikanso sikani pamalo omwewo kuti atsimikize kuti pansi pake pali madzi okhaokha ngakhale bambowo atulutse mpweya wonse. Chidindo chimene waika pakhungu chimagwira ntchito pokhapokha wodwala akhale mmene analili pochiika. Akagona kapena kutembenuka, madzi amasuntha, ndipo muyenera kuyambiranso.

Ntchito yotsatirayi wophunzira amaichita wamkulu ali pambali pake, ndipo kuwerenga pano sikungalowe m'malo mwa zimenezo. Atatsuka khungu, anabaya mankhwala ochititsa dzanzi, akulunjika singano pa fupa la nthiti ya 6. Atagunda fupa anathira mankhwala pamenepo, chifukwa kanembanemba kokuta fupa kamamva ululu kwambiri, kenako anakweza nsonga ya singano pang'onopang'ono mpaka inatsetsereka pamwamba pa nthitiyo. Anapitiriza akukoka sirinji pa sitepe iliyonse, n'kuthiranso mankhwala atayandikira pulura, imene nayonso imapweteka. Anandiuza pambuyo pake kuti anaimva ikuboola monga anamvera pa nthiti za mbuzi. Madzi achikasu oyera analowa m'sirinji. Tinatumiza ena ku labu pamodzi ndi makhololo, podziwa kuti makina a GeneXpert kawirikawiri sapeza TB m'madzi a pulura ngakhale ilipo, ndiye zotsatira zakuti mulibe sizitseka nkhani. Ena tinawatulutsa kuti bambowo apume, koma osapitirira malita 1.5 nthawi imodzi, ndipo tikanaleka msanga akanayamba kutsokomola kwambiri kapena kumva kuthina pachifuwa, chifukwa phapo limene lapanikizika nthawi yaitali likafutukuka mofulumira limatha kudzaza madzi mkati mwake. Pomaliza anaika sikani kutsogolo, pamwamba, n'kuona mzere wa pulura ukutsetsereka uku ndi uku ndi kupuma, chizindikiro chakuti mpweya sunalowe pakati pa phapo ndi nthiti pamalopo.

Sindikufuna kunamiza ophunzira kuti sanataye kanthu. Pali zinthu ziwiri zimene kutumbula mtembo kumapereka ndipo njira zathuzi zimangoyandikira. Choyamba ndi kusiyana kwa matupi. Buku, chidole ndi manambala aja 6, 8 ndi 10 zimafotokoza munthu wapakatikati, pamene amene watumbula mitembo ingapo amakhala ataona ndi maso kuti mitsempha siyenda mofanana mwa onse. Chitsanzo chimene chimatikhudza ndi mtsempha wopereka magazi uja wa pansi pa nthiti. Kumsana, pa masentimita angapo oyandikana ndi fupa la msana, sunalowe m'kangalande kake, umayenda pakati pa mpata, ndipo mwa okalamba umakhotakhota n'kulendewera. Amene waloweza lamulo la "pamwamba pa nthiti" osadziwa zimenezi akhoza kuuboola atalitsata bwinobwino lamulolo. N'chifukwa chake timapewa kubaya pafupi ndi msana ndipo timakonda m'mbali.

Chachiwiri ndi kuya kwa zinthu, makamaka za pakati pa chifuwa, kuseri kwa mtima, kumene chala sichifika ndipo ekisireyi imangosanjikiza zonse pamodzi. Pamenepa ndimagwiritsa ntchito zimene zapezeka. Wodwala akabwerera kuchokera ku chipatala chachikulu ndi zithunzi za CT, zoonetsa thupi kagawo ndi kagawo mopingasa, timapempha chilolezo chake n'kukhala nazo pansi, chidole chili pambali, n'kufunafuna kagawo kamene kadutsa pa ngodya ya Louis kuti tione njira ya mpweya ikugawikana ndi njira ya chakudya kumbuyo kwake. Wophunzira akalowa ku fiyeta kukathandiza pa opaleshoni ya m'mimba, ndimamuuza apemphe kuti aike dzanja pamwamba pa chiwindi, amve dayafulamu ikutsika ndi kukwera, kenako ayang'ane kunja kuti dzanja lakelo lafika pa nthiti iti. Ambiri amatuluka akunena kuti linafika m'mwamba kuposa mmene ankayembekezera, ndipo tsiku lotsatira m'wodi amawerenga mpata wachisanu kawiri asanaike chidindo.